Sola ndi mabatire pa chipatala cha kumudzi: mugule zochuluka bwanji, ndipo njira iti?

Chipatala chimene ndikukamba pano ndi chija chaching'ono chokhala ndi mateniti, chipinda cha katemera ndi labu yaing'ono, cholumikizidwa kale ku ESCOM koma magetsi ake ongobwera ndi kupita. Amene munali pa ntchito mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale nkutichotsera mamegawati pafupifupi 130, mukudziwa kuti bulakauti imatha kukhala ya tsiku lonse kwa miyezi yambiri. Komanso kumudzi vuto silimakhala la dziko lonse nthawi zonse ayi, polo ikagwa ndi mvula kapena thiransifoma ikapsa mumakhala masiku mudikire. Ndiye musanayitanitse koteshoni kwa aliyense, pali zinthu zinayi zoti mugwirizane kaye inu a inchaji, anamwino ndi komiti ya chipatala, apo ayi wogulitsa ndi amene adzakusankhireni.

Choyamba ndi zida zimene sizikuyenera kuzima zivute zitani. Chachiwiri ndi kutalika kwa bulakauti yoipitsitsa ya kwanuko, osati ya masiku onse ija ya maola anayi. Chachitatu ndi kutentha kwa malo, chifukwa batire ya ku Nsanje ndi ya ku Dedza sizikalamba mofanana. Chachinayi, chimene anthu amachithawa pa misonkhano, ndi funso loti mabatire akadzafa adzagule ena ndani. Masola ambiri amene mumaona angokhala padenga la zipatala osagwira ntchito mapanelo ake ali bwinobwino, chinafa ndi mabatire ndipo wothandiza uja anapita kalekale.

Kuwerengera kwake

Tengani kope muzungulire chipatala chonse, kumbuyo kwa chida chilichonse kuli kachitsulo kapena kapepala kolemba mawati, W. Mawatiwo muchulukitse ndi maola amene chidacho chimayaka pa tsiku, zimene zituluke ndi Wh, ndipo nambala imeneyi ndi imene imagula batire. Tiyeni titenge chipatala chimodzi tichiwerengere mpaka kumapeto.

Mababu 8 a 10 W a ku mateniti ndi m'khonde oyaka maola 12 akudya 960 Wh, ena 6 oyaka maola 4 okha akudya 240 Wh, pamodzi 1200 Wh. Firiji ya katemera tiyike 1000 Wh pa tsiku, kompulesa yake siyaka nthawi zonse ndiye musachulukitse mawati ake ndi 24. Laputopu, rauta, matabuleti ndi mafoni a ntchito 500 Wh. Maikulosikopu ndi makina oyamwa chimfine kwa khanda 300 Wh. Mpaka apa tili pa 3000 Wh basi, zochepa zedi. Kenako pakubwera konsentireta ya okosijeni, ya malita 5 imadya mawati pafupifupi 350, ndipo ikayaka maola 10 usiku ndi 3500 Wh, yokha kuposa zina zonse zija kuphatikiza. Zonse pamodzi 6500 Wh.

Inveta nayo imadya, posintha magetsi komanso pongokhala chiyakire, ndiye onjezerani kotala pamwamba, tifika pafupifupi pa 8100 Wh. Kuchoka apa masamu ake ndi awa:

```
6500 x 1.25 = 8125 Wh
8100 / 0.8 = 10125 Wh
8100 / 0.5 = 16200 Wh
8100 / (4 x 0.75) = 2700 W
```

Mzere wachiwiri ndi batire ya lithiyamu, imene mungathe kuikama mpaka magawo 80 pa 100 osaipweteka. Wachitatu ndi batire ya asidi kapena jelo, imeneyi mumangotengako theka. Womaliza ndi mapanelo. Wogulitsa adzakuuzani kuti Malawi muno dzuwa ndi lambiri muwerengere maola 6, koma inu musamawerengere Okutobala, werengerani Januwale ndi Febuluwale pomwe mvula ili pachimake ndi mapolo akugwa, kapena Juni ndi Julayi wa chiperoni ngati muli ku Thyolo ndi Mulanje. Nchifukwa chake ndayika 4. Ija ya 0.75 ndi ya fumbi, kutentha kwa panelo ndi zotayika m'mawaya, panelo yolembedwa 550 W padenga la malata masana sipereka 550. Ndiye 2700 W ndi mapanelo 5 a 550 W pang'onong'ono, ine ndingayike 6.

Tsopano taonani zimene zimachitika mukati ayi, mwana wa chibayo akagonekedwa konsentireta iziyaka usana ndi usiku mpaka ambulansi ibwere. Maola 24 ndi 8400 Wh, zonse zikufika 11400 Wh, ndi kotala ija 14250 Wh, mapanelo achoka pa 6 kufika 9 ndipo mabatire a lithiyamu a 5120 Wh achoka pa awiri kufika anayi. Chida chimodzi chokha. Choncho funso la maola a okosijeni musalisiyire wa magetsi, ayankhe ndi anamwino poyang'ana m'kaundula kuti odwala ofuna mpweya amakhala nthawi yaitali bwanji asanatumizidwe ku chipatala chachikulu.

Zimene sindinaziwerengere ndazisiya dala: otokilevu, ketulo, ayironi, hotipuleti, pampu ya madzi, nyumba za ogwira ntchito. Otokilevu yokha imatha kukoka mawati 2000, ikhale pa ESCOM, muziwiritsa zida magetsi akabwera. Ndipo kungolankhula sikuthandiza, pamafunika bokosi la mabuleka lapadera la zida zofunika zokhazo ndi masoketi ake odziwika, chifukwa soketi ikangokhala ndi moto nthawi ya bulakauti wina adzalumikizapo ketulo basi, anthu ndife.

Njira yoyamba: inveta ndi mabatire okha, otchajidwa ndi ESCOM

Mtengo. Iyi ndiyo yotsika poyambira chifukwa palibe mapanelo, zitsulo za padenga ndi mawaya ake. Mitengo ya kwacha sindilemba, chichitikireni zija za Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100 koteshoni sichedwa kutha ntchito. Ngati bulakauti yanu ndi ya maola 6 mpaka 8, batire imodzi ya lithiyamu ya 5 kWh ikhoza kukwana.

Kupezeka. Zili paliponse ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kuyika kwake tsiku limodzi.

Kusamalira. Kochepa, palibe zokwera padenga.

Zoopsa. Apa ndiye pali nkhani. Batire imafuna nthawi yoti idzaze. Chaja ya 30 A pa sisitimu ya 48 V imalowetsa mawati pafupifupi 1500, ndiye kubwezera 8100 Wh ndi maola 5 mpaka 6. Magetsi akamabwera maola atatu okha pakati pa usiku, lero batire yadzaza theka, mawa kotala, mkuja yatheratu. Komanso kumathero a laini kumudzi magetsi amabwera ofooka, mababu akuyaka koma mavoti ali pansi kwambiri pa 230, inveta zina zimangowakana nkupitiriza kukama batire inu mukuganiza kuti ikutchaja. Thiransifoma ikapsa, tsiku lachiwiri muli mumdima ngati simunagule kanthu.

Njira yachiwiri: mapanelo ndi mabatire a jelo kapena a asidi

Mtengo. Batire imodzi imaoneka yotchipa, koma werengani kuti mukufuna zingati. Ya 12 V 200 Ah imasunga 2400 Wh, ife tikufuna 16200 Wh, ndiye zisanu ndi ziwiri, koma poti pa 48 V zimamangidwa zinayizinayi mugula 8. Ndipo mudzagulanso 8 zina, mwina kawiri, mapanelo omwewo akadali atsopano.

Kupezeka. Mwayi wake waukulu ndi umenewu, amagetsi ambiri ngakhale a pa boma amazidziwa ndipo zimagwira ndi inveta iliyonse. Koma zachinyengo nzambirinso. Batire yeniyeni ya 200 Ah imalemera makilogalamu pafupifupi 60 chifukwa mkati mwake ndi mtovu, ngati mnyamata mmodzi akuinyamula mosavuta kuchoka m'galimoto, stika yake ikunama. Funsaninso deti imene inapangidwa, batire yogona m'sitolo chaka chathunthu osatchajidwa imafika yodwala kale. Za galimoto musayerekeze, zinapangidwira kuliza injini masekondi ochepa osati kukamidwa usiku wonse.

Kusamalira. Za madzi zija zimafuna kuthiridwa madzi a batire, osati a pa mjigo, ndi chipinda chopita mphepo chifukwa zimatulutsa mpweya woyaka. Za jelo sizithiridwa kanthu, koma zonse zimafuna kudzazidwa mpaka pamwamba pafupipafupi, zikamangokhala theka masiku ambiri zimauma mkati ndipo sizibwereranso. Mwezi uliwonse wina ayeze batire iliyonse payokha ndi mita, itapuma yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.7 V, ikafika cha m'ma 12.1 V ndiye theka. Mukaona zitatu zili pa 12.4 koma imodzi yatsikira ku 10.5 magetsi akugwira ntchito, imeneyo yafa ndipo ikukoka zinzake. Chizindikiro china chosafuna mita nchakuti mabatire ayamba kudzaza msanga, 10 koloko m'mawa inveta ikuti afula, koma usiku pofika 11 alamu yayamba kulira.

Zoopsa. Kutentha. Moyo wa batire umene amalemba pa pepala amauyeza pa madigiri 25, ndipo pa madigiri 10 aliwonse opitirira apo moyowo umadulidwa pafupifupi theka. Ndiye ku Chikwawa, Nsanje, Mangochi kapena Karonga, m'kachipinda ka malata kopanda siling'i, batire yoti ikanakhala zaka zinayi imatha ziwiri. Vuto lina, imodzi ikafa simungangoyika yatsopano pakati pa zakale, yatsopanoyo imakalamba msanga kutsatira zinzake. Komanso batire ya 12 V ili ndi msika m'mudzi, imayendetsa wayilesi ndi kutchaja mafoni, ndiye imabedwa.

Njira yachitatu: mapanelo, lithiyamu ndi inveta yosakaniza dzuwa ndi ESCOM

Mtengo. Poyambira ndi wokwera, koma yerekezani bwino, osati batire imodzi kwa imodzi. Batire yofala ya lithiyamu, yolembedwa LiFePO4, ndi ya 51.2 V 100 Ah, imasunga 5120 Wh, ndiye ziwiri zikupereka 10240 Wh, zakwana pa 10125 tinapeza ija. Ndiye koteshoni yake ikhale ziwiri za lithiyamu kuyerekeza ndi 8 za jelo, apo mudzaona kuti mpata wake si waukulu monga anthu amanenera, ndipo yabwino imatchajidwa ndi kukamidwa maulendo masauzande angapo pomwe ya jelo imathera m'mahandiredi kapena kungopitirira sauzande.

Kupezeka. M'mizinda ikuluikulu zikupezeka, pa boma si kawirikawiri. Chofunika apa ndi munthu woyika, akhale ndi chiphaso cha MERA ndipo walanti ikhale yolembedwa, yonena kuti batire ikavuta adzabwera ndani ndipo pakadutsa masiku angati. Walanti ya zaka zisanu ya kampani imene ilibe munthu m'dziko muno ndi pepala chabe.

Kusamalira. Batire yokha sifuna zambiri, ndipo sidandaula kukhala theka, chimene chili chabwino nthawi ya mvula. Ntchito ili pa mapanelo, kuwatsuka ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mawa asanatenthe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa pomwe fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zili mbwee. Ayang'ane kumpoto, opendekera madigiri pafupifupi 15 kuti mvula izitsukako, ndipo onani mtengo wa mango uli pafupiwo, mthunzi pa panelo imodzi umagwetsa mzere wonse. Pa inveta mupemphe akutcherereni kuti masana zida zizidya dzuwa koma batire isatsike kwambiri ESCOM ilipo. Ambiri amaitchera ngati ya pakhomo yopulumutsa mayunitsi, batire kumakamidwa madzulo aliwonse magetsi alipo, ndiye bulakauti ikabwera 2 koloko usiku imapeza mulibe kanthu. Chipatala sichikufuna kupulumutsa mayunitsi, chikufuna batire yodzaza.

Zoopsa. Mkati mwa batire muli kabodi kotchedwa BMS kamene kamaiteteza, ikatsika kwambiri kamangodula, osati mababu kuyamba kuzilala pang'onopang'ono ngati pa asidi ayi, kamodzinkamodzi phi. Ndiye alamu itcheredwe kuti izilira batire ikafika magawo 30 pa 100, namwino wa usiku akhale ndi nthawi yozimitsa zosafunika ndi kukonzekera silinda ya okosijeni. Ena mwa mabatirewa akadula chonchi safuna kudzuka okha dzuwa likatuluka, pamafunika kudina batani kapena kutsatira ndondomeko, imeneyo ilembedwe m'Chichewa imatidwe pakhoma pomwepo. Batire ndi inveta zikhale zomvana, pali kawaya kolumikiza ziwirizi, popanda iko nambala ya peresenti imene mukuwerenga ndi yongoganizira. Mufunsenso za mavoti a mapanelo, imodzi ya 550 W imatulutsa pafupifupi 50 V, mukalumikiza 6 mondondozana ndi 300 V, inveta zina zimalandira mpaka 450 kapena 500 V koma zina zimathera pa 145 V, mukalakwitsa apa yapsa tsiku loyamba. Ndipo mphezi. Zida zamagetsi zamakonozi sizipirira, ethi yabwino ndi zotchinga mphezi mbali ya mapanelo ndi mbali ya ESCOM zisachotsedwe pa koteshoni pofuna kutsitsa mtengo.

Za kukula kwa inveta, zida zathu zonse zikayaka pamodzi sizifika ngakhale mawati 1000, firiji imakoka kangapo kuposa apo kwa kamphindi ikamadzuka, ndiye 3 kVA ikwana, 5 kVA ngati ya 48 V imene ikupezeka ndi imeneyo. Kupitirira apo nkutaya, inveta yaikulu yodya mawati 50 ili chikhalire imamaliza 1200 Wh pa tsiku, kuposa firiji ya katemera. Ikhale yolembedwa `pure sine wave`, zotchipa zija zimatenthetsa kompulesa ya firiji ndi ya konsentireta, mumamva ikung'ung'udza.

Njira yachinayi: kugawa, firiji payokha, sola yaing'ono, jenereta pambali

Mtengo. Zimatengera zimene muli nazo kale. Ngati chipatala chinalandira firiji ya katemera yoyendera mapanelo akeake popanda batire, ija amati SDD, imene imaumitsa madzi m'makoma mwake masana nkusunga kuzizira masiku angapo a mitambo, ichotseni pa masamu aja, ndipo konsentireta ikhale pa jenereta. Mwatsala ndi 2000 Wh za mababu, mafoni ndi labu, batire imodzi ndi mapanelo awiri zakwana. Ngakhale firiji ya ESCOM ija ya ayisi m'makoma, yovomerezeka ndi WHO, imasunga pakati pa madigiri 2 ndi 8 kwa maola 20 kupita m'tsogolo osayaka, bola izipeza magetsi maola 8 pa tsiku. Jenereta yaing'ono kugula sikodula, chodula ndi kuyendetsa.

Kupezeka. Firiji za katemera zimadzera ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, si zogula pa sitolo, ndipo mapanelo ake musalumikizepo china chilichonse. Jenereta zili ponseponse, mafuta ndiye nkhani ina, mizere ya pa filing'i siteshoni tonse tayiona.

Kusamalira. Zinthu zitatu zosiyana, anthu okonza atatu osiyana. Jenereta imafuna oyilo watsopano pa maola pafupifupi 100 aliwonse ndi kuilizako ngakhale magetsi alipo, petulo wokhalitsa amatseka kabuleta.

Zoopsa. Okosijeni yatsamira pa jenereta, kutanthauza kuti namwino ali yekha usiku asiye wodwala akakoke chingwe panja. Jenereta ya 5 kVA kuyendetsa mawati 350 ndi kuwotcha mafuta pachabe. Utsi wake umapha mwakachetechete, ikhale panja kutali ndi mawindo a wodi, ndipo pakhale switchi yosinthira yeniyeni kuti isabwezere moto mu laini ya ESCOM. Ubwino wake ndi woti chimodzi chikafa zina zikuyendabe, inveta ikapsa katemera sakhudzidwa.

Ndiye iti ikuyenera inu?

Ngati muli pafupi ndi tauni kapena pa tireding'i senta pomwe magetsi amazima maola ochepa nkubwera amphamvu usiku wonse, yoyamba ikukwanirani, koma gulani inveta yokhala kale ndi polowera mapanelo kuti ndalama ikadzapezeka mungowonjezera. Ngati muli kumathero a laini komwe bulakauti imagona masiku, muli ndi mateniti ndi konsentireta, pitani pa yachitatu, mabatire awiri ndi mapanelo 6 pa okosijeni ya usiku wokha, anayi ndi mapanelo 9 ngati odwala amakhala pa mpweya tsiku lonse, ndipo ku malo otentha a m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja sindingalangize china. Yachiwiri ndingaivomere ku malo ozizira monga Dedza kapena Mzimba, pa chipatala chimene chili ndi munthu woyeza mabatire mwezi ndi mwezi komanso thumba lodziwika logulira ena, zipatala zina za mishoni zimatha zimenezi, ndipo kachipinda kake kakhale kokhoma. Yachinayi ndi ya kachipatala kopanda ogonekedwa, kapena kamene kali ndi SDD kale ndipo okosijeni imafunika mwa apo ndi apo podikira ambulansi. Ndalama ikaperewera pa yachitatu, chepetsani zida zolumikizidwa kapena yambani ndi batire imodzi ya mtundu woti mudzathe kuwonjezera inzake, koma mapanelo, ethi ndi bokosi la mabuleka lapadera lija zisiyeni momwemo. Paliponse pamene pali konsentireta, silinda yodzaza yokhala ndi geji yake ikhalebe pakona ya mateniti.